Chifukwa chake timati "leketsa" koma "lekanitsa": kumvana kwa mavawelo m'aneni a Chichewa

Tengani mneni *leka* mumusinthe monga timachitira tsiku ndi tsiku: *lekera*, *leketsa*, *lekedwa*, *lekeka*. Mphatikiri aliyense apa wayamba ndi *e*. Tsopano tengani *siya*: *siyira*, *siyitsa*, *siyidwa*, *siyika*. Aphatikiri ndi omwewo, ntchito yawo ndi yomweyo, koma vawelo yasanduka *i*. Mwana wa zaka zinayi salakwitsa zimenezi, ndipo palibe anamukhazika pansi kuti amuphunzitse. Chimene chikuchitika ndi kumvana kwa mavawelo: vawelo ya mphatikiri imatengera khalidwe lina la vawelo imene ili patsogolo pake m'mawu, ngakhale pakati pawo pali makonsonanti.

Zikanathera pomwepo nkhaniyi ikanakhala yaifupi. Koma *leka* yemweyo amatipatsanso *lekanitsa*, osati "lekanetsa", pamene muzu wake ukadali *lek-* wokhala ndi *e*. Mawu amenewa ndi amene akutsegula nkhani yonse.

Choyamba tione mavawelo enieniwo. Ikani dzanja pansi pa chibwano munene *i*, *e*, *a* pang'onopang'ono. Chibwano chitsika katatu, ndipo lilime litsika nacho. Chitani chimodzimodzi ndi *u*, *o*, *a*. Choncho *i* ndi *u* ndi mavawelo apamwamba, *e* ndi *o* ndi apakati, *a* ndi yapansi. Palinso kusiyana kwina: *i* ndi *e* amatchulidwa lilime litakankhikira kutsogolo milomo ili yotambasuka, pomwe *u* ndi *o* lilime limabwerera kumbuyo milomo n'kuzungulira. Zilankhulo zimasankha khalidwe loti mavawelo azimvanirana. Chitheki, chilankhulo cha ku Turkey, chimayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo kwa lilime, n'chifukwa chake *ev*, nyumba, pochulukitsa imakhala *evler* koma *at*, hatchi, imakhala *atlar*. Chichewa chimayang'ana msinkhu wa lilime.

Aphatikiri okhudzidwa ndi amene kusukulu timawaphunzira pa mutu wa msintho wa aneni: wom'chitira *-ir-/-er-*, wom'chititsa *-its-/-ets-*, wochitidwa *-idw-/-edw-* ndi wochitika *-ik-/-ek-*. Muzu ukakhala ndi *e* kapena *o* timamva *e*: *lembera*, *konzera*, *sekedwa*, *oneka*. Ukakhala ndi *i* kapena *u* timamva *i*: *phikira*, *gulitsa*, *fufutika*. Ukakhala ndi *a* timamvanso *i*: *mangira*, *sambitsa*, *lasidwa*. Apa pali kale chodabwitsa. Mwa mavawelo onse *a* ndi imene ili kutali kwambiri ndi *i*, komabe ikuyenda ndi *i* ndi *u*, osati ndi *e* ndi *o* zimene ili nazo pafupi. Kusanthula kulikonse kwa nkhaniyi kumayenera kuyankha funso limeneli, ndipo tibwererako.

Aphatikiri akachulukana, khalidwe lija limapatsirana kuchokera kumanzere kupita kumanja. Onani *konz-ek-er-ets-edw-a*: aphatikiri anayi, onse a *e*, chifukwa cha *o* imodzi ya mu *konz-*. Yerekezani ndi *limb-ik-its-idw-a*, m'mene onse ali a *i*. Munthu akhoza kuganiza kuti muzu ndi umene ukulamulira mphatikiri aliyense mwachindunji, ngakhale wakutali. Pa mawu awiriwa maganizo amenewa akugwira ntchito, koma amagwa tikangolowetsa *-an-* wa msintho wochitirana.

Tiyeni tiyende ndi mawu amodzi kuyambira poyamba mpaka pothera: *sitinalekanitsidwe*. Kuwaphwanya kwake ndi uku: *si-ti-na-lek-an-its-idw-e*. Odziwa za kaphunziridwe ka mamvekedwe a mawu amalemba vawelo yosinthasintha ija ndi lembo lalikulu, kusonyeza kuti msinkhu wake sunadziwike, motero timayambira pa *lek-an-Its-Idw-*. Vawelo ya muzu ndi *e*, yapakati, ndipo imafuna kutsitsa vawelo yotsatira. Yotsatirayo ndi *a* ya mu *-an-*, imene ili kale pansi penipeni, palibe koitsitsira, ndipo sisintha. Kenaka pakubwera *-Its-*. Iyeyu sayang'ana muzu, amayang'ana vawelo yoyandikana naye, imene ndi *a*, ndipo *a* satsitsa mnzake. Akhala *-its-*. Naye *-Idw-* apeza *i* patsogolo pake, akhala *-idw-*. Chotsani *-an-* muone: *si-ti-na-lek-ets-edw-e*. Tsopano *e* ya muzu yafika pa *-ets-*, ndipo *-ets-* wapatsira *-edw-*.

Ndiye kuti *a* ndi mpanda. Siimangokana kusintha, imatsekanso njira kuti khalidwe la *e* lisadutse. Umboni wake uli ponseponse. Timati *menyera* koma *menyanirana*, *kondetsa* koma *kondanitsa*. Mukasinthanitsa malo a aphatikiri, vawelo imasinthanso: mu *on-ets-an-a* wom'chititsa wagundana ndi muzu ndipo ndi *-ets-*, pamene mu *meny-an-its-a* wabwera *a* atadutsa kale ndipo ndi *-its-*. Ndiponso sikuti *-an-* yekha ndiye ali ndi mphamvu imeneyi. *A* iliyonse imachita chimodzimodzi, ngakhale yokhala m'kati mwa tsinde: *werama* amapereka *weramira* ndi *weramitsa*, ngakhale mawuwo ayamba ndi *e*.

Kutchinga kotere si lamulo la zilankhulo zonse. M'Chifinishi cha ku Finland muli mavawelo amene nawonso sasintha, koma khalidwe limawadumpha ngati kuti palibepo: mu *tuolilla*, pampando, mphatikiri *-lla* watengera *u* ndi *o* za kumayambiriro, *i* yapakatiyo osaiwerengera. Choncho pofufuza chilankhulo, kungopeza kuti vawelo yakutiyakuti sisintha n'kosakwanira. Pamafunika kuika mphatikiri wina pambuyo pake kuti muone ngati khalidwe laoloka kapena lathera pomwepo. M'Chichewa yankho timalipeza mu *lekanitsa*.

Mawu aja *sitinalekanitsidwe* akutionetsanso malire a dera limene kumvanaku kumagwira ntchito. Aphatikiri onse obwera muzu usanayambe sakhudzidwa. *Si-* ndi *ti-* ali ndi *i* ngakhale muzu uli ndi *e*, ndipo mu *ndikulemba* kapena *chikuoneka* palibe amati "ndekolemba". Aphatikiri amenewa salandira kanthu kuchokera ku muzu, komanso sapereka kanthu kwa iwo. Kumapeto nako kuli malire. Vawelo yotsiriza ya mneni ili kunja: timati *tiphike*, *mugule*, *asalankhule*, *e* ikubwera pambuyo pa *i* ndi *u* popanda vuto. Tizidutswa tomamatira kumapeto tilinso kunja, n'chifukwa chake *-ni* wa ulemu sasintha mu *ndilembereni*, ndipo *-ko* sasintha mu *pitaniko*. Mavawelo opangira mayina kuchokera ku aneni nawo ndi chimodzimodzi: *mlembi* ndi *msodzi* ali ndi *i* pambuyo pa vawelo yapakati, *malipiro* ndi *chiphunzitso* ali ndi *o* pambuyo pa yapamwamba.

Malire amenewa amaoneka bwino zedi pa mayina monga *kaphikidwe* ndi *kalembedwe*. Kusukulu ambiri timaloweza *-idwe* ndi *-edwe* ngati chinthu chimodzi, koma m'menemo muli zidutswa ziwiri. Vawelo yoyamba ikusintha motsatira muzu, yotsirizayo ikukhala *e* nthawi zonse. Mzere wa malire ukudutsa pakati penipeni pa chimene timachiyesa mphatikiri mmodzi. Dera la kumvana, tsono, ndi muzu pamodzi ndi aphatikiri a msintho, basi. Mayina wamba sali m'deramo: *mwezi*, *njovu* ndi *chule* amasakaniza mavawelo m'njira imene tsinde la mneni wa Chichewa chenicheni silichita kawirikawiri.

Tsopano tifike pa mphatikiri amene amasokoneza chithunzi chooneka bwinochi, wa msintho wotsutsa *-ul-/-ol-* ndi mnzake *-uk-/-ok-*. Pambuyo pa *i*, *u* ndi *a* timamva *u* monga tingayembekezere: *mata* ndi *matula*, *yala* ndi *yalula*. Pambuyo pa *o* timamva *o*: *wonjola*, *thyola*, *thyoka*, *bowola*. Koma pambuyo pa *e* vawelo sitsika. Timati *tseka* ndi *tsekula* kapena *tsegula*, palibe amati "tsekola". Timati *gwedula*, *tembenuka*. Ndiye kuti *o* imatsitsa *i* ndi *u* yomwe, pamene *e* imatsitsa *i* yokha. Kuti *u* itsike, vawelo yoitsitsayo iyenera kukhala yapakati komanso yozungulira milomo ngati iyo. Malamulo ndi awiri, ndipo lachiwiri lili ndi chofunika chowonjezera.

*U* ikakana kutsika imasanduka mpanda ngati *a* uja. *Tsegula* amapereka *tsegulira* ndi *tsegulidwa*, *tembenuka* amapereka *tembenukira*. *E* ya poyamba ija yaiwalika. Koma *thyola* amapereka *thyolera* ndi *thyoledwa*, chifukwa pamenepo unyolo sunaduke. Izi zikutsimikizira kuti chogamula ndi vawelo yoyandikana, monga imamvekera itatha kusinthidwa iyo yomwe. Pano pangokhala kachenjezo ka kalembedwe: *r* wa mu *-ir-* ndi *l* wa mu *-ul-* asakupusitseni kuti ndi makonsonanti awiri osiyana amene akuchititsa zimenezi. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa amati *r* alembedwe pambuyo pa *i* ndi *e*, ndipo *l* m'malo ena onse. Lembolo likutsatira vawelo, osati vawelo kutsatira lembo.

Kupendekeka kumeneku, kwakuti *e* satsitsa *u*, si kwa Chichewa chokha. Chiswahili chili ndi *pikia* ndi *somea*, komanso *shona* ndi *shonoa*, koma *tega* ndi *tegua*. N'chinthu chofala kwambiri m'zilankhulo za Chibantu za kum'mawa ndi pakati pa Afrika. Komabe si zonse zimene zimatero. M'Chizulu wom'chitira ndi *-el-* nthawi zonse ndipo wom'chititsa ndi *-is-* nthawi zonse: *fundela*, *thengela*, *fundisa*, *thengisa*. M'Chiherero cha ku Namibia *a* imayenda ndi *e* ndi *o*, kotero *randa*, gula, amapereka *randera*. Izi zikutiuza kuti khalidwe la *a* wathu silochokera ku chilengedwe cha pakamwa pa munthu. Ndi mmene galamala ya Chichewa inakhalira, ndipo iyenera kufotokozedwa ngati galamala.

Funso lalikulu pa kusanthulaku ndi ili: mwa *-ir-* ndi *-er-*, weniweni ndi uti, ndipo wosinthidwa ndi uti? Pali njira ziwiri. Yoyamba imati weniweni ndi wa *i*, ndipo *e* ndi *o* ndi zimene zimamutsitsa. Yachiwiri imati weniweni ndi wa *e*, ndipo *i*, *u* ndi *a* ndi zimene zimamusintha.

Njira yachiwiri siyopepera, chifukwa ili ndi mboni yamphamvu: aneni a phatikizo limodzi. Mu *dya*, *mwa*, *pha*, *fa*, *gwa*, *ba*, *mva*, *tha* ndi *swa*, mukachotsa *a* yotsiriza simutsala vawelo iliyonse yomveka. Palibe chotsitsa, palibe chokweza. Ndiye chimatuluka n'chiyani? *Dyera*, *dyetsa*, *mwetsa*, *phedwa*, *fera*, *gwetsa*, *bedwa*, *mveka*, *theka*, *sweka*. Onse ndi *e*. Ngati mphatikiri amaonetsa nkhope yake yeniyeni pamene palibe womusokoneza, nkhopeyo ndi *e*. Chishona pano chimasiyana nafe, chimati *dyira* ndi *fira*. Koma kuti njirayi iyende, *i*, *u* ndi *a* ziyenera kukhala ndi khalidwe limodzi logawana limene zikupatsira mphatikiri, ndipo khalidwelo silingakhale msinkhu, popeza ziwiri zili pamwamba ina ili pansi. Al Mtenje, katswiri wa zilankhulo wa ku Malawi, polemba za nkhaniyi mu 1985, anaika *i*, *u* ndi *a* m'gulu limodzi la mavawelo okungika, *e* ndi *o* n'kukhala olobodoka, ndipo anafotokoza kumvanaku potengera kusiyana kumeneko. Anagwiritsa ntchito njira imene katswiri wina wa zilankhulo, John Goldsmith, anaitchukitsa mu 1976, yoika khalidwe pa mzere wakewake pamwamba pa malembo, n'kumalilumikiza ku mavawelo angapo ndi timizere, monga mmene chingwe chimodzi cha magetsi chimadyetsera nyumba zingapo.

Ine ndimaona kuti njira yoyamba ndi imene imasenza katundu wambiri, ndipo chifukwa chake ndi *tsekula*. Tikanena kuti aphatikiri amayamba ali apakati, wotsutsa ayenera kuyamba ali *-ol-*. Ndiye mu *tsek-ol-a* n'chiyani chingamukweze kuti akhale *-ul-*? Patsogolo pake pali *e*, imene sili m'gulu la okweza. Njirayo ikulosera "tsekola", mawu amene kulibe. Koma tikayamba ndi *-ul-*, zonse zikugwa m'malo: *o* yamutsitsa, *e* yalephera, ndipo polephera iye wangokhala mmene analili. Chimodzimodzinso pambuyo pa *a*: palibe chimene *a* ikuchita, mphatikiri wangosiyidwa. Sitifunikanso kupeza chimene *i*, *u* ndi *a* zimafanana. Zimangofanana pa kusachita kanthu.

Njira yoyambayi ili ndi ngongole ziwiri zoti ibweze. Yoyamba ndi ya *a*. Ngati chopatsirana ndi khalidwe loti "si yapamwamba", *a* nayo si yapamwamba, nanga bwanji siipatsira? Yankho limene Mary Ellen Scullen ndi akatswiri ena a zilankhulo anatsata kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 limadalira mfundo yakuti si khalidwe lililonse la vawelo limene limalembedwa m'kaundula wa m'mutu. Vawelo ikakhala yapansi, n'zodziwikiratu kuti si yapamwamba, ndiye palibe chifukwa cholembera kawiri. *A* imangolembedwa kuti "yapansi". *E* ndi *o* ndi zimene zimafunika chizindikiro choti "si yapamwamba" kuti zisiyane ndi *i* ndi *u*, ndipo chizindikiro chokhacho ndicho chimayenda. Pa nthawi imene lamulo likugwira ntchito, *a* ilibe choti ipereke. Vuto la yankholi n'lakuti liyenera kufotokozanso chifukwa chimene chinthu chopanda chizindikirocho chikutchingira njira m'malo mongodumphidwa, ndipo pamenepo pamafunika mfundo ina yoti kupatsirana kumachitika pakati pa maphatikizo oyandikana okha, popanda kulumpha.

Ngongole yachiwiri ndi ya *dyera* ndi anzake. Ena amati *e* imeneyi siyochokera ku kumvana konse, koma ku kusungunukirana kwa *a* ndi *i*: *dya* kuphatikiza *-ir-* kupereka *dyer-*. Chichewa chimachitadi zotere kwina. Pa tsinde la *-ina* timati *wina*, *china*, *zina*, *kwina*, koma *a* ikakumana ndi *i* timapeza *ena*, *kena*, *pena*. Umboni umenewu ndi wabwino, ngakhale suli wopanda banga, chifukwa mu *maso* ndi *mano*, m'mene *ma-* anakumananso ndi tsinde loyamba ndi *i*, sitinapeze *e*, pomwe Chiswahili chili ndi *meno*. Palinso funso loti *a* yotsiriza ikutani m'kati mwa tsinde, popeza mu *phik-ir-a* imadikira kumapeto. Woyankha amati aneni a phatikizo limodzi ndi aafupi kwambiri moti amasunga *a* yawo kuti akhale ndi thupi. Kaya mulandira zimenezi kapena mungowalemba aneniwa ngati kagulu kapadera, chofunika kuona n'chakuti *e* yawo ikangobadwa imachita ngati *e* ina iliyonse: *dy-ets-edw-a*, *mv-ets-ets-a*, *gw-ets-er-a*.

Amene akusanthula mawu payekha amapunthwa kawirikawiri m'malo atatu. Ena amayang'ana vawelo yoyamba ya muzu m'malo mwa yotsiriza, ndipo *weramira* amawasowetsa mtendere. Ena amawerengera *w* ndi *y* ngati mavawelo, pamene mu *bwera*, *kwiya* ndi *pwanya* zogamula ndi *e*, *i* ndi *a*: *bwerera*, *kwiyira*, *pwanyira*. Enanso amafunafuna kumvana pamene palibe vawelo yoti imvane. Wom'chititsa wamfupi amangosintha konsonanti, monga *choka* ndi *chotsa*, *tuluka* ndi *tulutsa*, *kwera* ndi *kweza*. Pamenepo lamulo lilibe pogwira, koma limadzuka mphatikiri wina akangobwera: *chotsera*, *tulutsira*, *kwezedwa*.

Njira yabwino yoyesera ngati lamulo lili lamoyo, osati mndandanda wa mawu akale oloweza, ndi kulipatsa mawu achilendo. Aneni obwereka amalowa mumzere tsiku lomwelo. *Vota* amapereka *votera* ndi *voteredwa*, *penta* amapereka *pentedwa*, *saina* amapereka *sainira*, *tchaja* amapereka *tchajira* ndi *tchajitsa*. Wochititsa chidwi ndi *sapota*. Muzu wake uli ndi *o* pambuyo pa *a*, kasanjidwe kamene aneni athu akale sakakonda, ndipo Chichewa chaulandira muzuwo osaukonza. Koma aphatikiri ake sanapatsidwe ufulu umenewo. Amayang'ana vawelo yoyandikana nawo, apeza *o*, ndipo timamva *sapotera* ndi *sapotedwa*.